Dzina la Achimwene pa Jumbo la Buledi

Mvula imene inagumula uvuni wathu sinagwetse chikwangwani. M'mawa mwake tinapeza njerwa zili mbwee mpaka kumsewu, zitini zophikira buledi zitadzaza matope, koma chikwangwani chili chiimire pamitengo yake iwiri. Mayi anayamba kuchipukuta ndi nsonga ya chitenje asanaone n'komwe za uvuni. Ine ndinapsa mtima. Anthu tilibe pophikira, iwo ali kalikiliki ndi thabwa.

Bekale yathu inali pa Chinakanaka, cha kumunsi kwa msika. Mayi anaiyamba ndi masikono a m'dengu, akugulitsa pageti la esiteti ya tiyi tsiku la malipiro. Atapezako kangachepe anamanga uvuni wa nkhuni, ndipo anaitcha bekaleyo dzina la mwana wawo woyamba, achimwene anga. Achimwenewo ndi amene ankanyamula buledi panjinga kupita naye kumalayini a anthu othyola tiyi. Anadwala kanthawi kochepa n'kutisiya ali mnyamata wosakwatira. Dzina lawo sindililemba pano. Kwathu sitilitchula.

Kuyambira tsiku la maliro, Mayi sanalitchulenso dzinalo. Akafuna kunena za iwo amati malemu, kapena amati mkulu wako. Palibe anawaletsa, pakamwa pawo pokha panakana. Koma tsiku lililonse anthu ankafika pawindo n'kunena kuti akufuna buledi awiri a uje, akutchula dzina la achimwene, ndipo akabaza otinyamulira buledi panjinga ankakuwa nalo m'malayini monse. Mayi ankakanda fulawa m'kati, khutu lili pawindo. Ine ndinakula ndikuziona zimenezi, ndipo ndinkadziwa kuti phindu lenileni limene Mayi ankapeza pa bekale ija linali kumva mwana wawo akutchulidwa.

Tsidya la msewu kunali bekale ina, ya mkulu wina amene anagwirapo ntchito yophika kunyumba za mabwana a esiteti. Iwo anali ndi uvuni wa magetsi, jenereta, makina odulira buledi, ndiponso chikalata cha oyeza zakudya chimene ife tinalibe. Pachikwangwani chawo panali dzina lawo la makolo, m'zilembo zofiira zazikulu. Zaka zonsezo tinkangopatsana moni wapamwamba, wa anthu olimbirana makasitomala. Buledi wawo anali wamakona, wofewa, wokondedwa ndi aphunzitsi, anamwino ndi eni magolosale. Wathu anali wobulungira, wa khungu lolimba, amene munthu wothyola tiyi akamwera m'mawa amafika naye masana.

Uvuni utagwa, mkuluyo ndi amene anayamba kuwoloka msewu. Anati tiziphikira kwawo masana, uvuni wawo ukakhala kuti wapuma. Tinatero kwa miyezi ingapo. Kumanganso wathu kunali kosatheka, poti madzi anali atatsegula njira pamalo pomwepo, ndiponso nkhuni zinali zitakwera mtengo moti buledi sakanabweza. Nawonso mkuluyo maso anali atayamba kuchita khungu, ana awo onse ali m'tauni, ndipo omwazira buledi m'midzi analibe. Ife tinali ndi manja ndi akabaza, iwo anali ndi uvuni. Kenako sukulu ina yogonera komweko inalengeza kuti ikufuna wopereka buledi teremu yotsatira. Payekhapayekha palibe akanakwanitsa. Mpamene mawu oti tiphatikize mabizinesi anatuluka.

Zimene ndinkaopa kuti zivuta sizinavute. Tinakhala pansi Loweruka lina kuseri kwa bekale, ine ndi Mayi mbali ino, mkuluyo ndi mwana wa mchemwali wawo mbali inayo. Mnyamatayo ndi amene ankawayendetsera za mapepala, munthu wa nsapato zosongoka ndi foni yosachoka m'manja. Phindu tinati pakati n'pakati. Mayi aziyang'anira ophika, ine ogulitsa, mnyamatayo zogula ndi za kubanki. Tiyi asanazizire tinali titamaliza. Mnyamata uja akutseka kope lake ananena mongodutsa.

"Dzina ndiye palibe vuto, tigwiritsa ntchito la amalume. Ndi lolembetsa kale ku boma."

Mayi anaika kapu pansi. Ine ndinamufunsa kuti nanga lathu lipita kuti.

"Lanu lija, achemwali, silinalembetsedwe. Muli ndi laisensi ya khonsolo basi. Kuboma kulibeko."

Ankanena zoona, ndipo n'chimene chinandipweteka. Mayi chaka ndi chaka ankalipira laisensi ku Boma, akuganiza kuti ndiye kuti dzina ndi lawo. Sitinkadziwa kuti khonsolo imangokupatsa chilolezo chogulitsira pamalo, pomwe kulembetsa dzina la bizinesi ndi nkhani ina, ya ofesi ina. Ndinamuyankha kuti kuboma kulibeko koma m'malayini liliko, ndipo akafunse aliyense wonyamula dengu la tiyi ngati amalidziwa dzina la amalume akewo. Mkuluyo anatsokomola n'kunena kuti tikaganize kaye.

Nthawi yoganiza inali yochepa. A sukulu ankafuna satifiketi ya bizinesi, nambala ya msonkho ndi akaunti ya kubanki, zonse zili m'dzina limodzi, teremu isanatsegulidwe. Osindikiza majumbo a buledi ku Blantyre nawonso amayamba apanga chidindo cha zilembo, ndipo akachipanga sasintha. Sasindikizanso majumbo ochepa, amapanga mulu woti mugwiritse ntchito mwina chaka chathunthu. Dzina limene likanapita kumeneko ndi limene likanakhala.

Ndinapita ku Boma kwa mayi wina amene amathandiza anthu kulembetsa mabizinesi pa kompyuta. Anandifotokozera bwinobwino. Anati mkuluyo analembetsa ngati bizinesi ya munthu mmodzi, ndiye satifiketi yawo singangolandira munthu wachiwiri ngati minibasi. Anthu awiri akaphatikizana amalembetsa mwatsopano ngati bizinesi ya mgwirizano, eni ake onse n'kupereka ziphaso zawo, ndipo yakale ija imatsekedwa. Dzina limayamba lafufuzidwa ngati palibe wina amene analitenga kapena amene ali ndi lofanana nalo kwambiri. Anandilangiza kuti tikonzeretu maina angapo, loyamba likakanidwa tisayambirenso kukangana. Anawonjezera kuti tilembe pangano lathu, ndipo m'panganomo tinene za dzina, kuti tikadzasiyana lidzakhala la yani. Ndinabwerera ndikuyenda mothamanga. Mfundo ya mnyamata uja inali itagwa, chifukwa dzina la amalume ake nalonso linayenera kudutsa pakhomo lomwelo.

Atamva zimenezi anasintha nyimbo. Anati ndiye tisiye maina onse awiri, tipeze latsopano la Chingerezi, lotchula phiri, loti likhoza kugulitsa ngakhale ku Limbe. Mkuluyo anafunsa kuti ku Mulanje kuno ndi golosale iti, ndi malo ogona ati, amene sanatchule phirili. Ine ndinafunsa akabaza athu madzulo ake akubweza mabokosi. Mmodzi, bambo wachikulire amene anayamba kunyamula buledi wathu achimwene akadali moyo, anapukusa mutu.

"Mukatipatsa jumbo lachilendo, mayi, m'malayini akatibwezera. Akati tawabweretsera buledi wa m'mashopu. Anthu aja sagula buledi, amagula wa uje."

Ndiye ndinabwera ndi nzeru yanga, imene ndinkaiona ngati yapamwamba. Ndinati titenge chiyambi cha dzina la achimwene ndi mathero a dzina la mkuluyo, tilumikize, lituluke dzina limodzi lalifupi. Makampani ambiri amatero. Ndinalemba ndi choko pa thebulo lokandira, ndipo mnyamata uja kwa nthawi yoyamba anagwirizana nane. Anati ndi losavuta kutchula ndipo palibe angakhale atalilembetsa. Mayi analiyang'ana nthawi yaitali. Kuwerenga amadziwa pang'ono, koma zilembo za dzina lija amazidziwa zonse.

"Theka linalo lili kuti?"

"Mayi, n'kufupikitsa chabe."

"Ine ndinabereka mwana wathunthu."

Anatenga nsalu yonyowa n'kufufuta, akuyankhula chapansipansi m'Chilomwe, chiyankhulo chimene amachisungira zinthu zowawa. Mkuluyo, amene sankaona zolembedwazo, anapempha kuti tiwawerengere. Atamva anati nawonso sakudzimvamo. Anati ngati munthu wawaitana choncho pamsewu sangacheuke.

Panatsala njira imodzi, yoti maina onse awiri alembedwe athunthu, pakati pawo pakhale kamawu koti ndi. Tonse tinavomera, ndipo kwa kanthawi ndinaganiza kuti tawoloka. Wolemba zikwangwani atabwera kudzayeza thabwa anafunsa funso la mwana.

"Loyamba ndi liti?"

Anatiyang'ana, n'kupinda tepi yake, nati timuitane tikamvana.

Munthu wakunja akhoza kuseka kuti akuluakulu anakangana za kutsogola kwa dzina. Koma pa Chinakanaka nkhani inali itafala kale, ndipo anthu ankadikira chikwangwanicho ngati chigamulo cha khoti. Kumsika amayi ankandifunsa mondimvera chisoni ngati n'zoona kuti madala aja atimeza. Kutchalitchi cha mkuluyo ankanena kuti wakalamba, azimayi amulanda uvuni. Mwini golosale wina, amene kwa zaka zambiri ankaoda kwa mkuluyo, ananena poyera kuti dzina la madala likakhala kumbuyo ndiye kuti buledi wasintha, ndipo iye akatenga wa ku Blantyre. Loyamba pachikwangwani ndiye wagula mnzake. Umu ndi mmene anthu akanawerengera, kaya ife tinene zotani.

Panalinso china, chimene ine ndinkachiopa kuposa miseche. Anthu akuno satchula dzina lalitali. Kondakitala sanganene maina awiri minibasi ikuthamanga, ndipo mwana wotumidwa buledi sasunga maina awiri m'mutu. Amatenga loyamba, lachiwiri n'kulisiya pathabwa. Ndinaziona ndi sitolo ya zitsulo ya anthu awiri apachibale pamsika pomwepo. Wachiwiriyo ngakhale ine ndinali nditamuiwala mpaka nditakweza maso. Dzina la achimwene likanakhala lachiwiri, likanalembedwa bwinobwino pa jumbo lililonse, koma pawindo silikanamvekanso.

Ndinayesa njira zokhotakhota. Ndinati chikwangwani chikhale cha mbali ziwiri, wochokera ku Boma aziona lathu lili patsogolo, wochokera ku Luchenza aziona lawo. Mayi wa pakompyuta uja anandiseka. Anati thabwa ndi lathu, tikhoza kulijambula mmene tifunira, koma satifiketi, chidindo, malisiti ndi akaunti zimafuna dzina limodzi, lolembedwa mofanana paliponse. Cheke cha sukulu chikalembedwa mosemphana ndi dzina la akaunti, banki ichibweza. Ndinati nanga majumbo awiri, buledi wobulungira m'jumbo la dzina lathu, wamakona m'jumbo la dzina lawo, kampani n'kungolembedwa m'munsi ting'onoting'ono. Anati zimenezo ndi zololedwa ndipo ena amatero. Koma titafunsa kwa osindikiza, zidindo ziwiri ndi milu iwiri ya majumbo zinali zoposa mphamvu zathu chaka chimenecho. Jumbo linayenera kukhala limodzi.

Mnyamata uja anabwera ndi mfundo zake. Amalume ake ndi aakulu. Bekale yawo inayamba kale. Nyumba, uvuni ndi chikalata cha oyeza zakudya ndi zawo. Ine ndinali ndi zanga. Buledi wochuluka ankatuluka ndi akabaza athu. Popanda ife uvuniwo unkazizira masana onse. Anati tiyendere zilembo za alifabeti, poti ankadziwa kuti zikomera iwo. Ndinati tiyendere kuchuluka kwa makasitomala, poti ndinkadziwa kuti zikomera ife. Tinkakangana mokweza pakati pa matumba a fulawa, ophika ndi akuluakulu awiriwo akungomvetsera. Teremu inkayandikira, ndipo kalaliki wa sukulu anali atatumiza kale uthenga kuti pali enanso amene akufuna mwayiwo.

Tsiku lina masana mnyamatayo anatopa.

"Achemwali, tiyeni tinene zoona. Amalume ali moyo, akasayina kubanki ndi dzanja lawo. Enawo akasayina? Tikukanganirana malo a munthu amene kulibe."

Mayi anali pomwepo, manja ali m'fulawa. Anawatulutsa pang'onopang'ono, anasamba, anavula epuloni n'kuipachika pamsomali. Anatuluka osatseka chitseko. Ine zimene ndinamuuza mnyamata uja sindingazilembe, koma anazimva mpaka ogulitsa tomato tsidya lina. Ndinauza akabaza athu kuti mawa asabwere.

Masiku otsatirawo sitinaphike. Ndinkadzuka m'mawa manja akufuna ntchito, ntchito palibe. Akabaza ankadutsa pakhomo mabokosi ali gwaa, kufunsa ngati kuli uthenga. Ena anayamba kunyamula anthu m'malo mwa buledi. Ndinali ndi mantha, sindibisa. Ukali wanga ukanatha kugumula mgwirizano, koma sukanatha kumanga uvuni. Tikanasiyana ndi mkuluyo, dzina la achimwene likanakhala lokha pachikwangwani, loyamba ndi lomaliza, pamwamba pa mulu wa njerwa. Mayi ankakhala pakhonde akusankha nandolo, ndipo ndikayamba nkhaniyo ankandiuza kuti ndikaone mbuzi.

Lamlungu anthu atatuluka m'tchalitchi, mkuluyo anafika kwathu okha, ndodo ili patsogolo, jekete la ku tchalitchi lili pathupi. Anaodira ali patali. Mayi anawapatsa mpando, Mayiwo n'kukhala pamkeka. Ine ndinaima pakhomo, mikono ili pachifuwa. Mkuluyo ndi amene anayamba.

"Mayi, mwana uja analankhula zopusa. Pakamwa ndi pake koma manyazi ndi anga. Ndabwera kudzapepesa."

"Tamva, bambo."

"Koma ndisanapite, mundilole ndinene chimene chandiumitsa mutu. Musaganize kuti ndi uvuni."

Anatiuza kuti analowa ntchito kukhitchini ya esiteti ali mnyamata, n'kutulukamo imvi zili mbuu. Mabwana anasintha kangapo, ena azungu, ena akuda anzathu. Onsewo ankawaitana kuti Kuki. Ana a mabwana, oti anawaona akubadwa, nawonso ankati Kuki. Ngakhale kumudzi anthu anatengera, mpaka akazi awo omwe ankatchedwa akazi a Kuki. Atapuma ntchito n'kutsegula bekale, chinthu choyamba chimene analipira, asanagule n'komwe thumba la fulawa, chinali chikwangwani.

"Tsiku limene anachikhoma ndinaima pamsewu mpaka dzuwa kundiwotcha. Dzina la bambo anga, mayi, lili pamwamba, aliyense akuliwerenga. Lero maso sakuona, koma ndikafika m'mawa ndimaligwira ndi ndodoyi. Ndikaliika kumbuyo, anthu abwerera kwa Kuki. Ndikuwadziwa."

Ndinali nditakonzekera kulimbana ndi munthu wodzikonda, ndipo amene anakhala pampando uja sanali iyeyo. Mayi ndi amene anayankha, akufikisa khoko la nandolo m'zala.

"Bambo, lanu likhale patsogolo."

"Mayi!" ndinakuwa.

"Khala chete iwe. Mkulu wako anali mwana waulemu. Akanakumana ndi bambowa panjira yopapatiza, akanatsika panjinga n'kuwapatsa njira. Sindingamuike kutsogolo kwa munthu wamkulu lero chifukwa choti sangathe kukana. Koma alembedwe wathunthu, ndipo zilembo zikhale zofanana kukula."

"Zofanana," anatero mkuluyo. "Ndipo mtundu wa utoto musankhe ndinu."

Atapita ndinawakalipira Mayi ngati ndine kholo lawo. Ndinawauza kuti anthu adzatchula loyamba lokha, kuti pakutha pa mwezi palibe adzalinenenso pawindo. Anandiyang'ana n'kunena kuti akudziwa. Anati akabaza aja ali ndi ana, ndipo ana sadya chikwangwani. Kenako analowa m'nyumba, ndipo sanatulukenso mpaka dzuwa litapendeka.

Zotsalazo zinayenda msanga, ngati kuti zinkangodikira. Dzina linafufuzidwa ndipo linapezeka kuti palibe analitenga. Dzina la mkuluyo palokha linali lofala, koma litaphatikizidwa ndi la achimwene panalibe lofanana nalo. Satifiketi inatuluka, kenako nambala ya msonkho, akaunti, chidindo ndi laisensi yatsopano ya khonsolo. Oyeza zakudya tinawadziwitsa za kusintha kwa dzina kuti chizindikiro chawo chikhale pa jumbo latsopano. M'pangano ndinaumirira mfundo imodzi, ndipo mnyamata uja anailemba osatsutsa, maso ali pansi: tikadzasiyana, dzina lililonse lidzabwerera kwawo, ndipo palibe adzagulitse buledi ndi dzina la mnzake. Jumbo linatuluka ndi zilembo zobiriwira ngati za chikwangwani chathu chakale, mkombero wake wofiira ngati wa mkuluyo, kuti osadziwa kuwerenga azindikire mitundu. Akabaza tinawauza kuti masabata oyamba azinena m'malayini kuti manja ophika ndi omwe aja. Sukulu inatipatsa ntchito. Mwini golosale uja sanapite ku Blantyre.

Chikwangwani chathu chakale Mayi anachizula okha n'kuchiika kuchipinda kwawo, kuseri kwa bedi.

Ndipo zinachitika monga ndinanenera. Kukhoza kulosera sikunandisangalatse ngakhale pang'ono. Makondakitala anayamba kuitana siteji ndi dzina la mkuluyo. Ana otumidwa ankafika n'kutchula dzina la mkuluyo. Amayi a m'malayini anagwiritsitsa lathu kwa kanthawi, koma pawindo la pa Chinakanaka linayamba kusowa. Tsiku limatha osalimva. Bizinesi inkayenda kuposa kale lonse, mabokosi akutuluka m'mawa ndi masana, koma Mayi anasuntha thebulo lawo lokandira kulichotsa pafupi ndi windo. Anati pamenepo pamadutsa mphepo. Ankagwira ntchito bwinobwino, osadandaula, ndipo ine ndikawayang'ana mtima unkandiwawa.

Mkuluyo sankathanso kuphika. Ankabwera m'mawa, n'kugwira chikwangwani ndi ndodo, n'kukhala pampando panja pafupi ndi windo, akumvetsera anthu. Tsiku lina ndili pawindopo kunafika mtsikana wa yunifolomu, ndalama ili m'manja.

"Buledi mmodzi."

Ndisanatambasule dzanja, ndodo inagogoda pansi.

"Wake uti, mwana wanga? Pano pali buledi wa anthu awiri."

"Wobulungirayo, agogo."

"Wobulungira ndi mpira. Buledi ameneyo ali ndi mwini wake. Taona pajumbopo, si uli pasukulu iwe?"

Mtsikanayo anaseka mwamanyazi n'kuwerenga dzina la achimwene.

"Sindinamve. Makutu anapita limodzi ndi maso."

Analitchulanso mokweza. Mkuluyo anagwedeza mutu n'kundiuza kuti ndimupatse. Wotsatira anali bambo wa njinga, ndipo naye anafunsidwa chimodzimodzi. Wofuna wamakona ankangopatsidwa popanda mafunso. Wofuna wobulungira sankachoka asanatchule mwini wake. Ena ankadandaula kuti madalawa akuchedwetsa mzere, ena ankaseka, ndipo pofika masana anthu anali atayamba kulinena okha asanafunsidwe, kuopa ndodo.

Anthu atachepa ndinatuluka n'kukhala pafupi ndi mkuluyo. Ndinawafunsa chapansipansi kuti ndani anawauza.

"Kundiuza chiyani?"

"Za Mayi."

"Palibe. Ine ndakhala tsidya ilo zaka zonsezi. Dzina limenelo ndalimva kwa akabaza, kwa ana, kwa oledzera. Kwa mayi ako sindinalimvepo. Tsiku lija pakhonde anati mkulu wako, anati mwana waulemu, anazungulira ponseponse. Ndinapita kunyumba ndikudzifunsa kuti kodi mayiyu wandipatsa chiyani." Anasisita mutu wa ndodo. "Makutu anga ali bwinobwino, usauze anthu."

Kunabwera mayi wina wa dengu kumsana, wochokera kumunda wa tiyi, ndipo asanafike n'komwe pawindo anakuwa kuti timusungire awiri a uje, akutchula achimwene monga ankachitira kale. Ndinadzuka kukamupatsa. Nditalowa m'kati ndinamva chinthu chikukwekwerezeka pasimenti. Anali Mayi, fulawa ili m'mikono mpaka m'zigongono, akukankha thebulo lawo kulibwezera pawindo.